Kuyamikira banja la zaka 50 m'zinenero ziwiri nsima isanazizire

Kutatsala milungu itatu kuti mwambo uchitike, mlongo wanga wa kwa mayi aakulu anandiimbira foni kuchokera ku Mangalande. "Achimwene," anatero, "olankhula m'malo mwa ana ndinu. Koma adzukuluwa Chichewa samva, ndiye mukawaganizireko." Mayi aakulu, amene ndi akulu awo a mayi anga, anamanga ukwati ndi bambo aakulu mu Ogasiti 1974, ndipo mu 2024 anali kukwanitsa zaka 50 ali pabanja. Woyendetsa mwambo anandipatsa mphindi zinayi, pakati pa mawu a abusa ndi kudula keke.

M'holo ya tchalitchi ku Dedza munali magulu awiri a makutu. Kutsogolo kunali a mfumu, abusa, amayi a chigwirizano, nkhoswe imodzi yomwe inatsala mwa aja anaikira umboni ukwatiwo, ndi eni tsikulo. Onsewa Chingerezi amachimva pena ndi pena, koma si chinenero chimene chingawagwetse misozi. Pambali panali adzukulu asanu obadwira ku Mangalande ndi mkamwini wa ku Joni, amene Chichewa chawo chimathera pa moni ndi zikomo. Mabanja otere achuluka masiku ano, ndipo amene wapatsidwa maiki amayenera kufikira onse.

Njira imene imabwera msanga m'mutu ndiyo kulemba mawu m'chinenero chimodzi, kenako n'kumamasulira chiganizo ndi chiganizo. Ndinaionapo pa mwambo wina ku Lilongwe, pamene mwana wa m'banjamo ankalankhula Chingerezi, mnzake n'kumatanthauzira. Chilichonse chinanenedwa kawiri. Amene ankamva zinenero zonse, omwenso anali ambiri, anayamba kuyang'ana m'mafoni. Nthabwala inkaseketsa theka la holo, ndipo pofika m'Chichewa inali itazilala, agogo n'kumangomwetulira mwaulemu. Eni mwambo anakhala ngati alendo odikira kuuzidwa zimene zanenedwa za iwo omwe. Kutchalitchi kumasulira kotere kumatheka chifukwa ulaliki uli ndi nthawi yake, ndipo womasulira anazolowera kupuma kwa mlaliki. Pa mphindi zinayi sizitheka. Mukamasulira zonse ndiye kuti muli ndi mphindi ziwiri zokha za nkhani, zina ziwirizo ndi zobwereza.

Chimene ndinachita, chomwenso ndimalangiza aliyense, ndi kulemba mawu amodzi oyenda chamtsogolo, zinenero ziwirizo zikulandizana ngati anthu osenza mtanda umodzi wa denga. Chinenero chilichonse chinyamule zimene chimatha kunyamula. Zobwerezedwa zikhale zitatu zokha: amene tikuwalemekeza ndi zaka zawo, chiganizo chimene nkhani yonse yatsamira, ndi kuthokoza. Wosamva chinenero chimodzi akagwira zitatuzi, sanatayike.

Funso loyamba ndi lakuti chiyambe ndi chinenero chiti. Yankho lake lili pa mipando iwiri yakutsogolo. Chinenero chimene eni tsiku amalankhulana kuchipinda ndicho chitsegule, ndichonso chitseke, ndipo chitenge gawo lalikulu. Kwa ife chinali Chichewa, ndiye ndinachipatsa mphindi ziwiri ndi theka, Chingerezi mphindi imodzi ndi theka. Likanakhala banja la ku Rumphi kapena ku Mangochi, ndikanafunsa kaye ngati malo amenewo sayenera Chitumbuka kapena Chiyao. Anthu ambiri amaika Chingerezi patsogolo chifukwa chimamveka chapamwamba pa maiki. Koma mwambowu si wa ofesi. Munthu wa zaka zoposa 70 wavala suti yake kudzamva ana ake akumuyamikira, ndipo ayenera kumva mwachindunji, osati kudzera mwa wina womunong'oneza.

Poyesa kutalika, musawerenge mawu, gwiritsani wotchi. Chichewa chimanyenga papepala. Mawu amodzi akuti "sindidzakusiyani" m'Chingerezi amakhala mawu asanu, koma pakamwa a Chichewawo ndi amene amatenga nthawi, chifukwa ali ndi maphatikizo asanu ndi awiri pamene a Chingereziwo ali ndi asanu. Ndime ya Chichewa imaoneka yaifupi, koma mukaiwerenga mokweza imatalika. Ine nditayesa, mawu a Chichewa oposa pang'ono 200 anadya mphindi ziwiri ndi theka, kuphatikizapo kupuma. Siyaninso mpata wa nthungululu. Amayi a chigwirizano akamva dzina la mnzawo sadikira kuti mumalize chiganizo, ndipo kulankhula pamwamba pa nthungululu n'kutaya mawu.

Vuto lalikulu limene ndinakumana nalo silinali nthawi. Linali ulemu. Chingerezi chili ndi mawu amodzi okha oitanira munthu amene ukulankhula naye, kaya ndi khanda kaya ndi mfumu. Chichewa chili ndi "iwe" ndi "inu", ndipo ulemuwo umalowa mpaka m'mneni: anabwera, anatilera, mwatisunga. Munthu ukayang'ana bambo ako m'maso n'kulankhula nawo m'Chingerezi pagulu, makutu a akuluakulu amamva ngati wawatchula kuti iwe, ngakhale sunatero. Pa chifukwa chimenechi ndinadziikira lamulo. M'Chingerezi ndinkalankhula za iwo, nkhope nditatembenuzira kwa adzukulu. M'Chichewa ndinkalankhula nawo, nditayang'ana iwo. Kutembenuka kwa thupi kumeneku kunathandizanso anthu kudziwa kuti chinenero chasintha, popanda kulengeza.

Mayina nawo ali ndi msampha wake. Pa miyambo ya azungu si zachilendo kutchula eni tsiku ndi mayina awo oyamba, ndipo munthu wozolowera zikondwerero za kunja angachite zomwezo mosazindikira. Kwathu kuno mwana satchula dzina la ubatizo la kholo lake pagulu. Timati mayi, timati bambo, kapena timatchula mfunda, monga a Phiri kapena a Nabanda, kapenanso dzina la mwana woyamba, bambo a uje. Mayitanidwe amenewa musawamasulire. Alowetseni m'ziganizo za Chingerezi monga momwe alili. Adzukulu aja mawu akuti agogo amawadziwa kale, ndipo anali mawu a Chichewa amene ndinawabwereza kwambiri m'gawo lawo.

Chimodzimodzi ndi ubale. Ndikanadzitchula m'Chingerezi molunjika, ndikanakhala mwana wa mng'ono wa mayiyo, munthu wapambali, ndipo mkamwini wa ku Joni akanadabwa kuti bwanji sakulankhula mwana weniweni. Chingerezi chimaphatikiza malume ndi bambo aang'ono m'mawu amodzi, azakhali ndi mayi aakulu m'mawu amodzinso. Kwa ife mkulu wa mayi ako ndi mayi ako, ana ake ndi abale ako, osati asuweni. Ndinagwiritsa chiganizo chimodzi cha Chingerezi kufotokoza zimenezi, kuti pa chikhalidwe chathu ndine mwana wa m'nyumbamo chifukwa mayi anga ndi mayi awa anayamwa bere limodzi. Mdzukulu wina wamkulupo anadzandiuza pambuyo pake kuti aka kanali koyamba kumvetsa chifukwa chake ali ndi agogo aakazi ambiri chonchi.

Pali mawu amodzi amene ndikufuna ndiimepo, chifukwa pafupifupi aliyense wolankhula pa mwambo wotere amawatchula: kupirira. Timati banja ndi kupirira, ndipo pa zaka 50 mawuwa amabwera okha pakamwa. M'Chichewa ali ndi ulemerero wake, koma ali ndi mbola. Mukanena kuti "mayi athuwa anapirira" n'kuima pomwepo, holo yonse imayamba kuganiza kuti anapirira chiyani, ndipo maso amapita kwa bambo. Akuluakulu amene akudziwa mbiri ya banjalo amayang'ana pansi. Mukawatembenuzira m'Chingerezi zimaipiraipira, chifukwa mawu oyandikana nawo kumeneko amamveka ngati kukhala m'mazunzo mosachitira mwina, ndipo mdzukulu wokulira kunja amva ngati mukuyamikira nkhanza. Ngati mukufuna mawuwa, muwapatse onse awiri ndipo mutchule chimene anapirira: anapirira limodzi njala, matenda, kusamuka. Ine ndinawasiya, n'kunena kuti anasungana. Kusungana kuli ndi anthu awiri m'kati mwake, ndipo m'Chingerezi kumatembenuzika bwino.

Miyambi imafunanso kusamala. Mwambi umakoma chifukwa womva amaumaliza yekha mumtima. Mukati "mutu umodzi", holo imayankha kuti "susenza denga", ndipo mwagwira anthu. Koma mukaumasulira liwu ndi liwu kwa mwana amene sanaonepo amuna akunyamula denga la nkhokwe kukaliika pamwamba, aganiza za munthu wosenza malata. Sankhani mwambi umodzi wokha, muunene m'Chichewa, kenako m'Chingerezi mupereke chithunzi chake osati mawu ake: denga la nkhokwe limamangidwira pansi, ndipo kuti likwere pamafunika anthu angapo. Ina ndi yoyenera pa chinkhoswe, osati pano. Kuuza anthu a imvi kuti wachitatu ndi kapasule, kapena kuti mapanga awiri avumbwitsa, kuli ngati kuwakumbutsa mlandu wakale. Ndipo mwana salangiza makolo za banja. Pa tsikuli ntchito yathu ndi kuchitira umboni.

Umboniwo umafuna nkhani imodzi. Ambiri amalakwitsa pofotokoza mbiri yonse, kumene anabadwira, kumene anagwira ntchito, ana ndi sukulu zawo. Zimenezo zikhale papepala la ndondomeko ya mwambo. M'zinenero ziwiri nkhani yabwino ndi imene ili ndi chinthu chogwirika, chifukwa chinthu chimaoneka m'maso mwa aliyense. Kuti ndiipeze ndinapita kumudzi masiku awiri, ndipo ndinacheza ndi aliyense payekha. Bambo aakulu anandiuza za ku migodi. Anapita ku Joni kudzera ku Wenela, ndipo anabwerera mu 1974, chaka chimene boma la Kamuzu Banda linaletsa kulemba Amalawi ntchito za kumigodi, ndege yonyamula ogwira ntchito itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo, n'kupha anthu oposa 70. Anabwera ndi bokosi la zovala, wailesi ndi ndalama zogulira njinga. Za ngoziyo sindinazitchule pa mwambo. M'holomo mukanatha kukhala munthu amene anataya mbale wake pamenepo, ndipo nkhani yotere singaikidwe m'chiganizo chimodzi kenako n'kupitirira ku keke.

Mayi aakulu ndi amene anandipatsa nkhani. Njinga ija ndiyo inawanyamula kuchokera ku tchalitchi, ndiyo inawapititsa kuchipatala pa mimba zonse, ndiyo inkapita kuchigayo. Pa njala ya 2002 bambo anaigulitsa kuti agule chimanga. Usiku woti mawa njinga ikupita, mayi anamasula belu lake n'kulibisa m'bokosi lija, osauza munthu. Analitulutsa kundionetsa litakulungidwa m'kansalu. Ndinawapempha chilolezo choti ndinene zimenezi pagulu, ndipo anaganiza kaye asanavomere. Kupempha kumeneku musakudumphe. Nkhani ya njala kwa ena ndi yamanyazi, ndipo mwini wake ndiye anene ngati ituluke. Ndinawafunsanso za mwana wawo wachiwiri amene anatisiya, ngati atchulidwe. Anati atchulidwe powerenga ana, koma osaimapo. Ndinatero m'zinenero zonse ziwiri, chifukwa kunena chiwerengero cha ana chosiyana m'Chichewa ndi m'Chingerezi kumamveka msanga kwa amene akumva zonse.

Mawuwo anayenda motere. Ndinayamba m'Chichewa, nditayang'ana kutsogolo:

"Zikomo a mfumu, zikomo abusa, zikomo ankhoswe, ndi inu nonse akuluakulu, ulemu wanu. Ndaima pano m'malo mwa ana ndi adzukulu. Bambo ndi mayi, lero mwakwanitsa zaka makumi asanu muli nyumba imodzi. Ambiri tili muno kunalibe pamene munkalonjezana."

Ndinati "makumi asanu" mwadala. Tsiku ndi tsiku timatchula manambala m'Chingerezi, ndipo ndikanati fifite aliyense akanamva. Koma makumi asanu amalemera pakamwa, munthu amawawerenga ndi zala, ndipo nthungululu yoyamba inalira pomwepo. Ndondomeko ya moni nayo ndinaifunsiratu kwa woyendetsa mwambo, kuti ndisadumphe woyenera kutchulidwa. Moni wa maudindowu sindinaubwereze m'Chingerezi.

Kenako ndinatembenukira kwa adzukulu. M'Chingerezi ndinanena kuti ndine yani, kuti agogo akwanitsa zaka 50, ndi kuti ndikamba nkhani ya njinga imene agogo aamuna anagula ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni, yomwe inatumikira banjali zaka 28 mpaka chaka cha njala. Ndinawaphunzitsa mawu awiri, njinga ndi belu, n'kuwauza kuti atchere khutu akawamva. Apa pali chinsinsi chonse cha njirayi. Osamva chinenero chachikulu apatsidwe chiyambi cha nkhani nkhaniyo isanakambidwe, koma mathero ake asauzidwe. Akatero amatsatira nkhope za anthu ndi mawu awiri aja, ndipo sakhala ngati ali pa siteji ya basi.

Ndinabwerera m'Chichewa:

"Bambo, munabwera kuchokera ku Joni n'kugula njinga. Njinga imeneyo inanyamula mkwatibwi kuchokera ku tchalitchi. Inanyamula mayi kupita kuchipatala kasanu ndi kamodzi, ndipo mmodzi mwa ana amenewo anatsogola. Inanyamula chimanga kupita kuchigayo, inanyamula ife tikadwala malungo. Itafika njala ya 2002, munaigulitsa kuti tidye. Simunatiuze kuti zikukupwetekani. Koma pali chimene simukudziwa mpaka lero. Usiku umenewo mayi anamasula belu n'kulisunga. Lakhala m'bokosi lanu lomwe lija zaka makumi awiri ndi ziwiri."

Chiganizo cha belucho ndinachinena m'Chingerezi nthawi yomweyo, osadikira kuti phokoso lithe, kuti adzukulu adabwe pamodzi ndi agogo awo. Chiganizo chotere chiyenera kukhala chachifupi m'zinenero zonse, chotheka kunena ndi mpweya umodzi. Chikatalika, gulu lachiwiri limalandira nkhani gulu loyamba litamaliza kale kuseka kapena kulira. Pambuyo pake ndinawonjezera m'Chingerezi chinthu chimene sindinanene m'Chichewa, chifukwa akuluakulu sankafunika kuuzidwa: kuti njinga nthawi imeneyo inali galimoto, ambulansi ndi ngolo ya banja, ndipo kuigulitsa kunali kugulitsa miyendo.

Za chikondi ndinazisiya m'Chingerezi. Kumeneko mawuwo amatuluka mosavuta, ndipo adzukulu amawayembekezera. M'Chichewa, mwana kuima pagulu n'kumafotokoza mmene makolo ake amakondanirana kumachititsa akuluakulu manyazi, ndipo belu linali litanena kale. Pomaliza ndinathokoza m'Chingerezi mwachidule, kenako ndinatseka m'Chichewa:

"Bambo ndi mayi, mwasungana, ndipo mwatisunga. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limene munasenza awirinu ndi limene tonsefe tabisalamo mvula. Ife ana anu tilibe chobwezera. Tikuti zikomo. Mulungu akuonjezereni masiku."

Pa zokonzekera, pepala langa linali limodzi, osati awiri. Ndime za Chichewa ndinazilemba ndi inki yakuda, za Chingerezi ndi yofiira, zilembo zikuluzikulu, kuti diso lisasochere posintha. Kuwerenga pa foni sindikulimbikitsa, chifukwa imazima pakati pa chiganizo ndipo kwa akuluakulu imaoneka ngati ukuchita zina. Ndinayeserera pamaso pa anthu awiri, mayi anga amene Chingerezi samva kwenikweni, ndi mdzukulu mmodzi pa foni. Aliyense ndinamufunsa kuti andibwerezere nkhani imene wamva. Mayeso ake ndi amenewa. Ngati wosamva chinenero chimodzi angathe kunena kuti panali njinga, inagulitsidwa, belu linasungidwa, ndiye kuti mawuwo akhoza. Poyamba mdzukuluyo sanamve chifukwa chimene njinga inagulitsidwira, ndiye ndinaonjeza za njala m'gawo lake loyamba lija. Mayi anga nawo anandichotsera mawu a Chingerezi awiri amene anazembera m'ndime za Chichewa. Kusakaniza m'chiganizo chimodzi, monga timachitira m'tauni, kumataya magulu onse awiri nthawi imodzi. Sinthani chinenero pamathero a ndime, mupume pang'ono, ndiye muyambe chinacho.

Ngati chimodzi mwa zinenerozo simuchidziwa bwino, musadzikakamize mphindi yathunthu. Itanani mdzukulu kapena mlamu kuti atenge gawolo, muime limodzi, aliyense ndi ndime zake. Kapena phunzirani ziganizo ziwiri zokha, moni ndi kuthokoza, kwa munthu amene adzakukonzeni katchulidwe. M'Chichewa kukweza kapena kutsitsa liwu kumasintha tanthauzo, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa mofanana, ndiye wophunzira amve ndi khutu, asangoloweza papepala.

Nditamaliza, mdzukulu wamng'ono kwambiri, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anatenga kansalu kaja kwa agogo aakazi monga tinapanganirana, n'kukapereka kwa agogo aamuna. Sanagwade bwino, koma anapereka ndi manja awiri. Bambo aakulu anamasula nsaluyo, analiyang'ana belulo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa mayi n'kufunsa, maiki asanazime, kuti, "Ndiye munthu uja anagula njinga yopanda belu?" Holo yonse inaseka, ndipo mlongo wanga anawerama kuwamasulira ana ake. Belulo linali litachita dzimbiri. Analiyesa kawiri osalira, kachitatu linalira.